Musatchule mtengo musanaone kumbuyo kwa firiji

Aliyense amene amakonza zinthu za anthu amalidziwa funso ili, ndipo nthawi zambiri limabwera pa foni: "Amisiri, firiji yanga yasiya kuzizira. Kukonza ndi zingati?" Wofunsayo sakulakwitsa. Akufuna adziwe ngati ndalama zimene ali nazo zikwane, komanso ngati ndi bwino kukonza kapena angogula ina. Vuto ndi lakuti pa nthawi imeneyo mmisiri sadziwa yankho, ndipo amene amayankha ndi nambala pomwepo amangolota.

Firiji ikasiya kuzizira, zifukwa zake zimasiyana kutalitali. Mwina kafa ndi karileyi koyatsira kompuresa, kachipangizo kakang'ono kamene munthu amachotsa n'kuikapo kena m'mphindi 30 zokha. Mwina ndi themositati, kapena fani yoyendetsa mpweya wozizira yaima. Mwina gasi wathawa, ndiye pamafunika kufufuza pamene pabooka, kuwotcherera, kupopa mpweya wonse m'mapaipi, kenaka kuthira gasi watsopano. Mwinanso kompuresa yeniyeniyo yapsa. Mwini wake amaona chinthu chimodzi chokha, chakuti zakudya zikuonongeka, koma kwa mmisiri ntchitoyo ikhoza kukhala ya theka la ola kapena ya tsiku lathunthu.

Ichi n'chifukwa chake ndimakana anthu akamakamba za kulipiritsa pa ola, pa ntchito kapena pa phukusi, lomwe ndi pangano losamalira zinthu za kasitomala pa ndalama ya pa mwezi kapena pa chaka, ngati kuti munthu amasankha njira imodzi n'kuikakamira moyo wake wonse. Njira zitatuzi zimasiyana pa chinthu chimodzi chachikulu: ntchito ikatalika kuposa mmene amayembekezera, ndani aluze? Mukalipiritsa pa ola, amaluza ndi kasitomala, chifukwa ola lililonse loonjezera amalipira iye. Mukatchula mtengo umodzi wa ntchito yonse, mumaluza ndinu. Mukagulitsa phukusi, ndiye kuti mwavomera kusenza zosadziwika za miyezi yambiri m'tsogolo. Choncho m'ntchito imodzi yomweyo, mbali imene simunaidziwe ndi mbali imene mukuidziwa bwino siziyenera kulipiritsidwa mofanana.

Koma musanafike pamenepo muyenera kudziwa mtengo wa ola lanu, ngakhale simudzauza kasitomala aliyense. Mitengo ina yonse imachokera pamenepa. Manambala amene ndigwiritse ntchito ndi achitsanzo chabe ndipo sindiwapatsa dzina la ndalama, aliyense aikepo ndalama zimene amagwiritsa ntchito.

Tinene kuti mmisiri akufuna 1,500 pa mwezi yoti adzilipire yekha, ndipo ntchito yake imadya 500 pa mwezi: lendi ya malo, foni, mayendedwe, msonkho, ndi kangachepe kosungira zida zikatha. Zonse pamodzi ndi 2,000. Amagwira ntchito maola 160 pa mwezi, ndiye ambiri amangogawa 2,000 ndi 160 n'kupeza 12.5 pa ola. Apa ndi pamene anthu amagwera. M'maola 160 aja muli maola a pa msewu, osakasaka masipeyala, oyankha mafoni a anthu amene pomaliza sabwera, olemba makotesheni, otsatira ngongole. Palibe amene amalipira maola amenewa mwachindunji. Ngati maola amene manja alidi pa ntchito ya kasitomala ndi 100, mtengo wa ola ndi 20. Amene akulipiritsa 12.5 adzapeza 1,250 pa mwezi, achotsepo 500 ija, atsale ndi 750, theka la zimene amafuna, uku akudabwa kuti ntchito ikuchuluka koma ndalama sizikuoneka. Nambala ya maola olipidwayi musaiganizire m'mutu. Lembani m'kabuku kwa mwezi umodzi kapena iwiri, muona nokha.

Tsopano, ngati ola lili ndi mtengo, bwanji osangolipiritsa chilichonse pa ola? Chifukwa njira imeneyi ili ndi zilema ziwiri zimene zimandivutitsa. Choyamba n'chakuti imalanga munthu waluso. Mmisiri amene wakhala zaka zambiri pa ntchito amapeza vuto m'mphindi 15 pamene wophunzira amatha maola 2, ndiye pa ola wophunzirayo amalandira zambiri chifukwa chochedwa. Mukagula chida chabwino chofulumizitsa ntchito, malipiro anu amatsika. Chachiwiri n'chakuti imabweretsa kukaikirana. Kasitomala amayamba kuyang'ana wotchi, mukatuluka kukayankha foni mtima wake umawawa, ndipo ngakhale mutagwira ntchito moona mtima, iye alibe njira yodziwira ngati maola 3 aja anali ofunikadi. Munthu wa ndalama zochepa amaopa kwambiri mtengo wopanda malire, ndipo mantha akewo ndi omveka.

Komabe pali mbali imodzi imene ola ndi loyenera, ndiyo kufufuza vuto. Tiyeni tiione pafupi. Mmisiri wafika, wakoka firiji kuichotsa kukhoma, wagwada kumbuyo kwake. Choyamba amamvetsera. Akamva kompuresa ikung'ung'udza kwa masekondi ochepa kenaka "tiki", n'kukhala chete, patapita mphindi zingapo n'kubwerezanso, amadziwa kuti ikuyesa kuyaka koma ikulephera, ndipo kachitetezo kake kakuidula moto. Amazula pulagi, amachotsa kachivundikiro ka pambali pa kompuresa, amasolola karileyi n'kukagwedeza pafupi ndi khutu. Kakamachita phokoso ngati muli timiyala, kawirikawiri ndiye kuti kasweka m'kati. Kenaka amatenga mita yoyezera magetsi n'kuyeza timapini titatu ta kompuresa, awiriawiri. Ikakhala yabwino, miyezo iwiri yaing'ono ikaphatikizidwa imafanana ndi waukuluwo, ndipo palibe kapini kamene kamalumikizana ndi chitsulo cha kunja. Zikatero, m'mphindi 20 vuto ladziwika.

Nanga ikakhala kuti kompuresa ikuyenda bwinobwino osapuma, koma m'kati simukuzizira, ndipo madzi oundana akungogwira kakona kamodzi ka paipi? Apo mmisiri amaganizira gasi. Amayang'ana m'malo molumikizira mapaipi ngati pali mafuta, chifukwa gasi akamathawa amatuluka ndi timafuta. Amapaka thovu la sopo n'kudikira tithovu. Akapanda kupeza, amathira naitirojeni m'mapaipi n'kusiya geji kwa maola angapo, nthawi zina usiku wonse, kuti aone ngati singano itsike. Ndipo nthawi zina bowo limakhala pa paipi yokwiririka m'kati mwa khoma la firiji, pamene sungafike popanda kung'amba. Palibe munthu angadziwiretu pa foni kuti ulendo wake ukathera pa mphindi 20 kapena apa.

Njira imene ndimaikhulupirira ndi iyi. Kufufuza kukhale ndi mtengo wakewake, wowerengedwa pa ola, koma wokhala ndi malire amene mwagwirizana musananyamuke. Pa foni paja yankho limakhala lotere: "Mayi, sindingakuuzeni mtengo wokonzera ndisanaione, ndingakunamizeni. Kubwera ndi kufufuza mpaka ola limodzi, mtengo wake ndi 30. Ola likatha ndisanapeze, ndiima, ndikuuzani zimene ndaona, ndipo ndinu mudzanene ngati ndipitirize. Ndikapeza vuto ndikupatsani mtengo umodzi wa ntchito yonse ndisanagwire chilichonse." Mu 30 muja muli 20 ya ola ndi 10 ya ulendo. Kasitomala akudziwa ndalama zochuluka zimene angataye, ndipo inu simukugwira ntchito yaulere.

Ena amati kufufuza kuzikhala kwaulere kuti makasitomala asathawe. Ndimamvetsa mantha amenewa, koma taganizirani zimene zimachitika. Kupeza vuto ndi pamene pagona luso lanu lonse. Mukapereka ulere, munthu amamva kuti ndi karileyi, amathokoza, n'kukagula yekha kapena kuitana wina wotchipa kuti angosintha. Choipa kwambiri n'chakuti mmisiri amene salipidwa pofufuza amakhala ndi chiyeso chopeza vuto lalikulu nthawi zonse, kuti ulendo wake usapite pachabe. Mmisiri wolipidwa pofufuza amatha kunena mosavutika mtima kuti, "Bambo, bowo lili m'khoma, firiji iyi musatayirenso ndalama." Mawu amenewa ndi ntchito yathunthu, ndipo apulumutsa munthuyo ku ndalama zambiri. Ngati mukufuna kufewetsa, mukhoza kuchotsera gawo la ndalama yofufuzira pa mtengo wokonzera munthu akavomera ntchito, bola mtengo wokonzerawo ukhale utawerengera kale nthawi imeneyo.

Vuto likadziwika, zinthu zimasintha. Tsopano amene akudziwa kutalika kwa ntchito ndinu, kasitomala sakudziwa. N'chilungamo kuti amene akudziwayo ndiye asenze chiopsezo, ndipo apa ndi pamene mtengo wa ntchito yonse umaposa wa ola. Magalaji a galimoto anayamba kalekale kuchita zimenezi: opanga galimoto amasindikiza mabuku osonyeza maola oyenera ntchito iliyonse, ndipo kasitomala amalipira maola a m'bukuwo, kaya makaniko wafulumira kaya wachedwa. Mmisiri wodziimira payekha alibe buku lotere, ndiye ayenera kulemba lake.

Nayi mmene limalembedwera. Tinene kuti m'kabuku muli ntchito 10 zotseka bowo looneka ndi kuthira gasi. Ntchito 7 zinatenga maola 2 iliyonse, 2 zinatenga maola 3, ndipo imodzi inavuta mpaka maola 6 chifukwa kapaipi kopyapyala kanali kotsekeka. Onse pamodzi ndi maola 26. Pa ntchito 10 zomwezo, imodzi inabwerera pasanathe mwezi, ndipo munakaikonzanso kwaulere kwa maola 2. Maola enieni ndi 28, kutanthauza 2.8 pa ntchito iliyonse, ndiye pa 20 mtengo wake ndi 56, osawerengera gasi ndi masipeyala.

Mutafunsa mmisiri ameneyu kuti ntchitoyi imatenga nthawi yaitali bwanji, angayankhe kuti maola 2, ndipo sakunama, chifukwa nthawi zambiri zimaterodi. Akatchula 40, pa ntchito 10 apeza 400, ndipo akagawa ndi maola 28 ola lake latsikira pa 14 ndi kanthu. Mutu wa munthu umakumbukira tsiku limene zonse zinayenda bwino, tsiku lovuta lija umalitenga ngati ngozi chabe. Koma tsiku lovutalo limabwera ndithu, ndipo mtengo wa ntchito uyenera kulinyamula. Ndalama imene mumaoneka ngati mwapindula pa ntchito 7 zosavuta ndi imene imalipira yachikhumi ija. Mukamvetsa zimenezi simuchitanso manyazi kulandira 56 pa ntchito imene yatha msanga, komanso simubwerera kwa kasitomala wa maola 6 uja kukapempha zoonjezera. Munalonjeza mtengo umodzi, usungeni.

Lonjezo lotere limafuna mpanda, ndipo mpandawo ndi mawu olembedwa. Sipafunika loya. Mizere yochepa pa pepala kapena pa uthenga wa pa foni ikwanira: nditseka bowo la pa paipi ya kumbuyo, ndisintha fyuluta, ndipopa mpweya, ndithira gasi wa mtundu ndi kulemera kumene kwalembedwa pa kachikwangwani ka firijiyo, kaya ndi R600a kapena R134a. Mtengo wa ntchito ndi wakuti, masipeyala ndi akuti. Pamene ndawotcherera pakadonthanso m'miyezi 3, ndikonza kwaulere. Kompuresa sili m'mtengowu. Mzere wotsirizawu ndi wofunika kuposa yonse, chifukwa firiji imene yakhala ikuyenda yopanda gasi kwa nthawi yaitali kompuresa yake imakhala itatopa, ndipo ikhoza kufa patapita masabata ochepa. Mukapanda kunena lero, mawa mwini wake adzakhulupirira ndi mtima wonse kuti mwaipha ndinu.

Ndipo mukatsegula n'kupeza china chimene sichinali m'pangano, imani. Musapitirize n'cholinga chokauza munthu pomaliza. Muitaneni aone ndi maso ake, mutchule mtengo wa chatsopanocho, avomere kapena akane. Mikangano yambiri ya mitengo imene ndaiona inayamba chifukwa munthu anamva nambala yatsopano ntchito itatha kale, pamene analibenso mwayi wokana.

Masipeyala ndimakonda kuwalemba paokha. Kuikapo kaphindu si kuba, chifukwa munataya nthawi kuwasaka, munatulutsa ndalama zanu, ndipo chikakhala chakufa mudzabweza ndinu. Koma mitengo yake imasintha inu osafunsidwa, choncho kotesheni inene kuti ikugwira ntchito kwa masiku angati. Kasitomala akabweretsa sipeyala yake, landirani, koma muuzeni poyera kuti chitsimikizo chanu chili pa ntchito ya manja anu basi.

Amene amagwira ntchito za pa kompyuta, monga kumasulira zolemba, kujambula zizindikiro za makampani kapena kupanga mawebusaiti, ali m'njira yomweyi. Kwa iwo chosadziwika si bowo la paipi koma maganizo a kasitomala, amene amasintha ntchito ili m'kati. Mpanda wawo ndi kunena kuti mtengowu ukuphatikiza kukonza kawiri, kupitirira apo ndi pa ola.

Phukusi ndiye limakopa kwambiri, ndipo ndi limene ndimalangiza kuti munthu alowemo mochedwa. Apa ndikunena za pangano loti kasitomala alipira ndalama yokhazikika pa mwezi kapena pa chaka, inu n'kumasamalira zinthu zake. Ubwino wake ndi weniweni. Ndalama imabwera ngakhale mwezi umene mafoni sakulira, maulendo mumawakonza nokha, ndipo zinthu zosamalidwa siziwonongeka kawirikawiri.

Tiwerengere. Sitolo ili ndi mafiriji 6. Mwagwirizana kuti muzibwera kanayi pa chaka kudzatsuka fumbi pa mapaipi otulutsa kutentha, kuona malabala a zitseko, kutsegula ngalande ya madzi ndi kuyeza kuzizira. Firiji iliyonse ndi theka la ola, onse ndi maola 3, kuphatikiza ola la ulendo ndi 4. Pa chaka ndi maola 16, mtengo wake 320. Mbali imeneyi ilibe chobisika, ndi ntchito yodziwika yobwerezabwereza, ndipo mukhoza kutsitsako pang'ono chifukwa simutaya nthawi kusaka kasitomala.

Ngozi imabwera mwini sitolo akanena kuti, "Ndiye ikaonongeka muzingobwera, eti?" Mukagwedeza mutu, mwasanduka kampani ya inshuwalansi osadziwa. Kampani ya inshuwalansi imakhala ndi makasitomala ambirimbiri, ndiye tsoka la mmodzi limamira mwa ena onse. Inu muli ndi masitolo atatu kapena anayi, ndipo kompuresa ziwiri zikapsa chaka chimodzi, phindu lonse lapita. Palinso china chimene anthu sachiona msanga: amene amathamangira phukusi lopanda malire nthawi zambiri ndi amene akudziwa kuti mafiriji ake ndi okalamba. Ndipo munthu amene salipira pa ulendo amaimba foni pa chilichonse, ngakhale chitseko chimene mnyamata wa m'sitolo sanatseke bwino.

Choncho phukusi labwino limawerengeka. Musanasaine, yenderani mafiriji onse, ulendo wolipidwa, ndipo imene ili pafupi kufa ikonzedwe kaye kapena ichotsedwe m'pangano. Nenani kuti muli maulendo adzidzidzi 2 pa chaka, uliwonse mpaka ola ndi theka, zimene zikuonjezera maola 3, ndiye 60, phukusi lonse n'kufika 380. Ulendo wachitatu ulipidwa pa mtengo wanthawi zonse. Masipeyala ndi gasi zili kunja. Nenaninso kuti akaimba mufika pasanathe maola angati, chifukwa kwa munthu wogulitsa zinthu zoonongeka msanga, chimene akugula kwenikweni ndi chimenecho, ndipo muli ndi ufulu wochiikira mtengo. Koma lonjezo lofika msanga musalipereke kwa makasitomala ambiri kuposa amene mungawafikire tsiku limodzi, chifukwa nyengo yotentha mafiriji amavuta nthawi imodzi.

Ngakhale mwagulitsa phukusi, kabuku ka maola musakasiye. Ulendo uliwonse lembani nthawi yonyamuka ndi yobwerera. Chaka chikatha gawani 380 ija ndi maola amene mwatayadi pa sitoloyo. Akakhala 19 monga munawerengera, ola lanu likadali pa 20. Akafika 30, latsikira pansi pa 13, ndipo muyenera kuyang'ana m'kabukumo kuti maola 11 oonjezerawo anapita kuti. Kawirikawiri mudzapeza kuti ndi firiji imodzi yomweyo, kapena timaulendo ta "tangodutsani mudzaone" timene simunatiwerenge ngati adzidzidzi. Tengani kabukuko mukakhale pansi ndi mwini sitolo musanasaine za chaka chotsatira, mumuonetse masiku ndi maola, ndipo mugwirizane ngati firijiyo ichoke m'pangano kapena mtengo ukwere.